Mawu aja analeka, koma mnyamata akungokhala pakhonde

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 24 wa m'mudzi wina kufupi ndi Chia, kum'mwera kwa boma la Nkhotakota. Asanadwale anali mlovi wodalirika. Ankapita nawo ku usipa usiku, m'mawa n'kuthandiza kuyanika pathandala, ndipo dzinja likafika ankawokera mpunga ndi mayi ake kudambo. Chaka chatha anayamba kusagona, kuyankha mawu amene ena sankawamva, ndiponso kunena kuti anzake a pabwato akufuna kumuponya m'madzi. Anamutengera kuchipatala, anayamba mankhwala, ndipo patapita milungu ingapo mawu aja analeka. Mudzi wonse unati wachira.

Lero papita miyezi 7. Amadzuka dzuwa lili pamutu, n'kukhala pakhonde maso ali tong'o. Sasamba pokhapokha amuuze katatu. Mukamufunsa kuti wadzuka bwanji amangoti "bwino", osabweza n'komwe moniwo. Mlongo wake atabwera ndi khanda kuchokera ku Dwangwa, analiyang'ana ngati akuyang'ana mtondo. Malume ake, amene ndi eni mbumba, atopa naye. "Misala ija inatha kalekale," amatero. "Chatsala apa ndi ulesi basi. Mukumulera ngati dzira, mlongo wanga." Kumpanda anthu ena akunong'ona zina, zoti mwina wina wa pamalonda anamusandutsa ndondocha.

Malumewo akuona zoona, koma akuzitchula dzina lolakwika. Matendawa madokotala amawatcha sikizofureniya, dzina limene dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, anapereka mu 1908. Bungwe loona za umoyo padziko lonse linanena mu 2022 kuti amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 300, ndipo kawirikawiri amayamba munthu ali wachinyamata kapena ali m'zaka za m'ma 20. Matendawa ali ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi imawonjezera mwa munthu zinthu zimene analibe: mawu osaoneka mwini, mantha oti akulondoledwa, zikhulupiriro zosagwedezeka. Izi ndi zimene timathamangira nazo kuchipatala chifukwa zimasokoneza mudzi. Mbali ina imachotsa mwa munthu zimene anali nazo. Nkhope imaleka kusonyeza za mumtima, mawu amachepa, chilakolako choyamba ntchito chimazirala, kuyembekezera zosangalatsa kumatha, ndipo kufuna kukhala ndi anzake kumachepa. Tingazitche zizindikiro zochotsera. Sizichita phokoso, n'chifukwa chake palibe amene amazitengera kuchipatala, koma ndi zimene kawirikawiri zimalepheretsa munthu kubwerera kunyanja, kusukulu kapena kubanja ngakhale mawu aja atasiya kalekale.

Tiyambe ndi nkhope, popeza ndi imene imapweteka kwambiri mtima wa kholo. Mayi akamuuza mwana wawo kuti agogo ake amwalira, iye nkhope ili phee, amaganiza kuti mtima wa mwanayo unauma. Ofufuza anayesa nkhani imeneyi. Mu 1996, Ann Kring ndi John Neale a ku Amereka anaonetsa odwala matendawa timafilimu tosangalatsa ndi tomvetsa chisoni, akujambula nkhope zawo, kenako n'kuwafunsa zimene anamva mumtima. Nkhope za odwalawo zinkasuntha pang'ono poyerekeza ndi za anthu ena, koma zimene ananena kuti anamva zinali zofanana ndi za anzawo osadwala. Tinene kuti wailesi ikugwira siteshoni bwinobwino, chawonongeka ndi sipika. Choncho mnyamata amene anayang'ana khanda lija osamwetulira n'kutheka kuti anakondwa. Ndipo mawu onse amene amanenedwa pamaso pake, oti ndi mlesi, oti ndi mtolo, amawamva ndipo amamulasa, kungoti nkhope siikuuzani. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene mabanja abwino amalakwira mosadziwa: amayamba kukambirana za iye ali pomwepo ngati akukamba za mbuzi yodwala.

Nkhani yoyamba ntchito ndi yovutirapo kuimvetsa, ndipo ndi imene imafanana kwambiri ndi ulesi. Ganizani chimene chimadzutsa mlovi pamphasa kunja kukuzizira m'nyengo ya mwera. Sikuti ukonde umakoma kukoka. Chimamudzutsa ndi chithunzi cha m'mutu: usipa uli mbuu pathandala, ndalama m'thumba, tiyi wa mkaka pamsika. Ubongo umalawiratu phindulo lisanafike, ndipo kulawiratu kumeneko ndiko kumakankha miyendo. Mwa anthu ambiri odwala sikizofureniya kulawiratuko n'kumene kumafooka. Kafukufuku wasonyeza mobwerezabwereza kuti akapatsidwa chinthu chokoma amachimva kukoma pafupifupi ngati wina aliyense, koma chisanafike sachiyembekezera, ndipo ubongo wawo umaona ngati mtunda wokachitenga ndi wautali kuposa phindu lake. Mukamuikira mnyamata wathuyu kondowole wa chambo adya n'kunyambita zala. Koma chambocho chikhale kugombe, mtunda wa mphindi zisanu, sapita. Malume akaona zimenezi amati, "Mwaona? Kudya ndiye amadziwa." Koma mmenemo ndi mmene matendawa amaonekera.

Nanga tingasiyanitse bwanji ndi ulesi weniweni? Mlesi amasankha. Khasu amalithawa, koma kukakhala mpira pabwalo, bawo pansi pa mtengo wa mango kapena ukwati kutsidya, ndiye woyamba kusamba n'kudzola mafuta. Ndiponso mlesi ali ndi pakamwa: amadziwa kudandaula msana, kunamizira malungo, kukankhira ntchito kwa mng'ono wake. Mnyamata wathuyu wasiya zonse pamodzi, zowawa ndi zokoma zomwe. Mpira umene ankaufera sapitako. Mtsikana amene ankamufuna samufunsanso. Mukamukalipira sadziteteza, sapereka chifukwa, amangoti "chabwino" n'kukhalabe pomwepo. Funso lina lofunika ndi la mbiri yake. Munthu amene kwa zaka zambiri ankakoka chilimira usiku wonse sasanduka mlesi pachabe. Ndipo mayi ake akakumbukira bwino, nthawi zambiri amapeza kuti kuzirala kumeneku kunayamba mawu aja asanabwere: miyezi ingapo m'mbuyomo anali atayamba kale kudzipatula ndi kujomba kunyanja, anthu n'kumati ndi chinyamata chabe.

Koma pano pali msampha wina, ndipo ukugwira ngakhale ife amene timadziwako za matendawa. Tikangosiya kunena kuti ndi ulesi, timafulumira kunena kuti ndi matendawo, palibenso chochita. Chonsecho pali zinthu zina zimene zimaoneka chimodzimodzi, ndipo zambiri mwa izo zili ndi mankhwala ake. Munthu asanagamule kuti nkhope youmayo ndi ya sikizofureniya, ayenera kuyamba wachotsa zimenezi.

Choyamba kuchikayikira ndi mankhwala omwewo. Mankhwala amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu, monga halopelidolo, kulopulomazini ndi jakisoni wa fulufenazini amene amabayidwa pakapita milungu ingapo, amagwira ntchito potsekereza dopamini, kanthu kamene timinyewa ta mu ubongo timatumizirana. Kutsekereza kumeneko ndiko kumazimitsa mawu aja. Tsoka lake, dopamini yemweyo ndi amene amafewetsa kayendedwe ka thupi, ndipo ali m'gulu la zimene zimatikankha kuti tiyambe kanthu. Mlingo ukakula kuposa mmene thupi la munthuyo likufunira, nkhope imauma ngati chigoba, thupi limalimba, ndipo munthu amachedwa pa chilichonse. Mungathe kuzindikira zimenezi pakhomo pomwe. Muoneni akuyenda kuchoka pakhonde kupita kubafa: kodi manja akugwedezeka m'mbali monga timayendera tonse, kapena angoti lende ngati omangirira? Kodi akuponda timapazi tating'onoting'ono mokhwekhwereza, msana utawerama? Kodi zala zikunjenjemera akakhala phee? Kodi malovu akudontha, makamaka pogona? Kodi zinayamba patangopita masiku kapena milungu yochepa chiyambireni mankhwala, kapena chiwonjezereni mlingo? Kulopulomazini amabweretsanso tulo tambiri ndi chizungulire poimirira, choncho kudzuka dzuwa lili pamutu kungakhale kwa mapiritsi.

Chachiwiri ndi matenda a kukhumudwa, amene amakonda kubwera munthu akangotsitsimuka n'kuzindikira zimene zinachitika: kuti anamangidwa zingwe anthu akuona, kuti ana amamuthawa, kuti malo ake pabwato anapatsidwa kwa wina. Kunja amaoneka chimodzimodzi, wachete ndi wodzipatula. Kusiyana kwake kumamveka mukamufunsa modekha. Wokhumudwa amamva kuwawa: amadziimba mlandu, amati ndi wachabechabe, mwina amalira, chakudya sichimukomera, amadzuka tambala asanalire n'kulephera kugonanso. Wa zizindikiro zochotsera nthawi zambiri amati alibe vuto, ndipo akunena zoona monga mmene akumvera. Kusiyanitsa kumeneku si kwa masewera. Mwa anthu 20 odwala sikizofureniya, pafupifupi mmodzi amadzipha, ndipo chiopsezo chimakula mwa achinyamata m'zaka zoyambirira za matenda. Kumufunsa mwachindunji ngati amaganizapo zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, tsiku lomwelo apite kuchipatala, ndipo mankhwala a mbewu, zingwe ndi mapiritsi ambiri zichotsedwe pafupi.

Chachitatu, mwina mawu aja sanathe, angophunzira kuwabisa. Munthu amene akuopabe kuti anzake amuchita chiwembu amadzitsekera m'nyumba chifukwa cha mantha, osati chifukwa chosowa chilakolako. Ameneyu maso ake sakhala tong'o, amayendayenda, amatchera khutu, amanunkhiza chakudya asanadye, nthawi zina milomo imagwedera ali yekha. Pomaliza pali za thupi ndi za pakhomo. Kuchepa kwa magazi, kumene kuno kunyanja malungo ndi likodzo zimabweretsa kawirikawiri, chifuwa chachikulu, kachilombo ka Edzi, chamba ndi kachasu, zonsezi zimafoola munthu, ndipo wodwala maganizo sachedwa kuiwalidwa kuti nayenso ali ndi thupi. Ndiye palinso tsiku lopanda kanthu. Banja likamuletsa kugwira mpeni, kuyandikira madzi, kupita kumsika, chifukwa chomukonda ndi kumuopera, ndiye kuti lamuchotsera chilichonse chimene akanadzukira.

Tibwerere kwa mnyamata wathu. Tsiku lokatenga mankhwala kuchipatala cha boma, mayi ake apita naye limodzi m'malo mongotuma munthu ndi buku la kuchipatala, ndipo ichi chokha n'chinthu chachikulu, chifukwa namwino sangaone kuuma kwa thupi m'buku. Namwino wa za maganizo afunsa, "Zikuyenda bwanji, achimwene?" Iye ati, "Bwino." Zikanathera pomwepo, popeza pamzere pali anthu ambiri ndipo wodwala wachete amaoneka ngati wochira. Koma mayi aja alowererapo: "Pepani anamwino, mawu aja anasiya ndithu, koma mwanayu si uja. Sasamba, sayankhula, poyenda amangokhwekhwereza, ndipo pilo amanyowa ndi malovu." Mawu ngati amenewa, otchula zimene maso aona, amathandiza kuposa kungoti akuchita ulesi kapena sakupeza bwino.

Namwinoyo amuyendetsa mpaka pakhomo n'kubwerera. Kenako agwira mkono wake, amuuza kuti aulekerere, n'kuupinda ndi kuuwongola pachigongono ndi padzanja. Mkonowo ukulimba, ndipo ukuyenda modukizadukiza ngati tcheni cha njinga chodumpha mano. Ayang'ana m'buku: halopelidolo wa mamiligalamu 5 m'mawa ndi 5 madzulo, mlingo umene anamupatsa pamene matenda anali pachimake ndipo sunasinthidwe. Amufunsa za mawu, za mantha, za tulo, za kulira, za maganizo ofuna kufa, ndipo zonse akana. Amutumiza kukayezetsa magazi. Pomaliza, mogwirizana ndi dokotala, atsitsa mlingowo pang'onopang'ono mpaka ufike pa mamiligalamu 5 usiku wokha, ndipo amupatsa benzihekisolo wa kanthawi kuti afewetse thupi. Zikanakanika, njira ina ikanakhala kumusinthira ku risipelidoni, amene pa mlingo wochepa saumitsa thupi kwambiri, ngati alipo.

Apa ndiyenera kunena mosapita m'mbali: kutsitsa kumeneku ndi ntchito ya achipatala, si ya pakhomo. Banja likaona kuti mankhwala ndi amene akuumitsa mwana, chiyeso chimakhala chongowasiya. Milungu yoyamba amaonekadi ngati wadzuka, amaseka, amayenda, ndipo aliyense amati mapiritsi aja ndiwo anali matenda. Koma ambiri amene amasiya mankhwala matenda amawabwerera, ena patapita miyezi, ndipo kubwerera kulikonse kumatha kumusiya munthu pansi kuposa pamene anali. Benzihekisolo nayenso si switi: amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, amachititsa maso kuona mwachimbuuzi, ndipo amatha kufooketsa kukumbukira, choncho sayenera kumwedwa mpaka kalekale popanda kuunikanso. Ndipo ngati thupi lauma kwambiri mwadzidzidzi, latentha, munthu akutuluka thukuta ndipo wasokonezeka, kapena wangoti duu osadya osamwa, musadikire tsiku la sikelo yake. Ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo.

Patapita milungu 6 malovu asiya, manja ayamba kugwedezeka poyenda, ndipo akudzuka kadzutsa asanathe. Nkhope yafewako. Koma sanabwerere mwakale. Amayankhabe mwachidule, ndipo mukamusiya yekha akhala pakhonde mpaka madzulo. Chimene chatsalachi ndicho zizindikiro zochotsera zenizeni, za matendawo. Kunena zoona, mankhwala amene tili nawo amagwira bwino pa mawu ndi mantha, koma pa mbali iyi amathandiza pang'ono chabe, ndipo kuwonjezera mlingo pofuna kumudzutsa kumangomuumitsanso. Kuyambira apa ntchito yaikulu ili pakhomo.

Mfundo yake ikuchokera pa zimene tanena zija: chafooka ndi kuyamba, osati kuchita. Choncho wina ayenera kumubwereka chiyambi. Kumuuza kuti "pita ukathandize kugombe" n'kumupatsa phiri, chifukwa m'mawu amenewo muli kudzuka, kusamba, kuyenda, kukumana ndi anthu amene anamuona akudwala, ndi kusankha chogwira. Mayi ake m'malo mwake abwera ndi dengu la chinangwa chovuula, alikhazika pakati pa awiriwo, ayamba okha kuchotsa mitsitsi, n'kunena kuti, "Tagwira ichi." Ntchito imodzi, yooneka ndi maso, yoyambidwa kale, ya mphindi 15 kapena 20, pa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Nthawi yokhazikika imathandiza chifukwa chizolowezi chimagwira ntchito imene chilakolako chikanagwira: sasowanso kufuna, amangodziwa kuti tikamwa phala timayanika chinangwa. Sabata ikatha mwina awonjezera kutunga ndowa imodzi pamjigo, pa nthawi imene pamjigopo palibe anthu ambiri. Phindu nalo libwere pafupi. Lonjezo loti tikakolola mpunga mu Juni tidzakugulira foni silimufika, chifukwa ubongo wake sulawiratu za kutali. Tiyi akangomaliza ntchito, kapena kandalama kochepa m'manja tsiku lomwelo, zimamveka.

Polankhula naye, funso likhale limodzi, ndipo mudikire. Yankho limatha kutenga nthawi yoti inu muyambe kuchita manyazi ndi chete ameneyo, koma mukamuyankhira kapena kuponya funso lachiwiri, ulusi umene amaluka m'mutu umaduka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Za anthu nazonso zikhale zochepa: mnzake mmodzi wa pabwato wobwera kudzakhala naye theka la ola aposa kumukokera ku chinkhoswe kumene kuli zokuzira mawu ndi anthu mazana. Kupemphera, kaya kutchalitchi kaya kumzikiti, kungamupatse malo okhala pakati pa anthu popanda kufunsidwa zambiri, bola kusalowe m'malo mwa mankhwala.

Ovuta kuwatembenuza ndi malume, ndipo sindiwaweruza. Nyumba imene yataya mlovi mmodzi yataya ndiwo ndi ndalama ya feteleza, ndipo iwo ndi amene akusenza mtolowo. Amakhulupiriranso moona mtima kuti kukalipa kumadzutsa munthu, popeza kunawadzutsa iwo ali anyamata. Koma kafukufuku amene anayambira ku London m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, n'kubwerezedwa m'mayiko ambiri, anapeza kuti odwala amene amabwerera m'nyumba zodzudzula ndi zonyoza kwambiri, kapena zowatchinjiriza mopitirira, matenda amawabwerera kawirikawiri kuposa amene ali m'nyumba zodekha. Chimene chimagwira kwa malume otere si kuwauza kuti asiye kukalipa, koma kuwapatsa gawo. Iwo ndi amene ali ndi ukonde wong'ambika. Akhale nawo pamthunzi madzulo, ayambe kusoka, apereke mbali ina kwa mphwawo: "Gwira apa, mphwanga, maso angawa atha." Zala za mlovi sizinaiwale mfundo. Za kubwerera pabwato usiku zidikire kaye, chifukwa kugona mokwanira ndi mbali ya mankhwala ake, ndipo munthu amene akumwa mapiritsi ogonetsa sayenera kukhala pamadzi akuya mumdima. Zimenezo akambirane ndi achipatala nthawi yake ikafika.

Kupita patsogolo pa mbali iyi kumayezedwa ndi miyezi, ndipo sikuyenda mowongoka. Ena amabwerera pafupi ndi pamene anali, ena amafika pogwira ntchito zopepuka moyang'aniridwa n'kukhazikika pamenepo. Popeza kusinthako n'kochedwa, maso a tsiku ndi tsiku sakuona, choncho ndi bwino mlongo wake azilemba kumapeto kwa kope la sukulu zinthu zitatu zokha: wasamba masiku angati sabata ino popanda kuuzidwa, wagwira ntchito yake ija masiku angati, ndipo wayamba yekha kulankhula kangati. Kopelo lizipita nawo kuchipatala pamodzi ndi buku la mankhwala. Ngati m'mwezi woyamba kusamba kosauzidwa kunali kamodzi pa sabata ndipo m'mwezi wachitatu kwafika katatu, namwino adziwa kuti mlingo uli bwino ndipo ntchito ya pakhomo ikugwira. Ngati manambalawo atsika mwadzidzidzi, makamaka tulo tikayambanso kusowa, musadikire tsiku lolembedwa m'buku, pitani sabata yomweyo.